Buku Lomuyenera Mwana Wovutika Kuwerenga: Mungalidziwe Bwanji?

Chaka chatha mng'ono wanga ananditumizira mwana wake wamwamuna kuti adzakhale nafe pa tchuthi chachikulu. Mnyamatayo anali ndi zaka 10 ndipo anali atangomaliza Sitandade 4. Madzulo a tsiku lachiwiri, pa nthawi ya mapemphero a banja, bambo a kunyumba anamupatsira Buku Lopatulika kuti awerenge vesi imodzi monga amachitira ana athu. Mwanayo anayamba bwino mawu awiri oyamba, kenaka anaima. Anayesanso, naimanso. Ana anga anayamba kugwirana zigongono. Iye anatseka bukulo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi akulu, maso akundiwawa."

Maso sankamuwawa. M'mawa mwake anaona mbalame pamwamba pa mtengo wa mango ife tonse tisanaione. Chimene chinkamuwawa ndi manyazi. Amayi ake atamva nkhaniyi pafoni anadandaula kuti, "Achemwali, mabuku ndamugulira ambiri, koma safuna n'komwe kuwagwira. Ndi ulesi basi." Nditatsegula chikwama chake ndinapezamo mabukuwo: awiri a Chingerezi ogula pamsika, a zithunzi zokongola, ndi buku la Chichewa la kalasi yake. Panalibe ndi limodzi lomwe limene akanatha kuwerenga yekha.

Ine si mphunzitsi. Ntchito yanga yodzipereka pampingo ndi ya zaumoyo, ndipo poyendera mabanja ndaona kuti vuto limeneli lili m'makomo ambiri. Pa ntchito yathu timadziwa kuti mwana amene wadwala nthawi yaitali sayambira kondoole ndi nyemba. Amayambira phala, chifukwa ndi limene mimba yake ingalandire. Buku nalonso n'chimodzimodzi. Zimene ndalemba pano ndi njira imene ndinaphunzira kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito wa mumpingo mwathu, ndi mmene inayendera pa mwana wa mng'ono wangayo.

Kalasi ya mwana si muyeso wa buku

Makolo ambiri posankha buku timafunsa kuti, "Kodi ali sitandade chani?" Funso limeneli limathandiza pa mwana amene akuyenda limodzi ndi anzake. Pa mwana wotsalira limasocheretsa. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ang'onoang'ono m'sukulu zambiri za boma amakhala odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga payekha. Mwana akhoza kufika Sitandade 4 kuwerenga kwake kuli kwa Sitandade 2, iye akubisala m'mawu a anzake pamene kalasi yonse ikuwerenga mokweza pamodzi.

Mwana wotereyu mukamupatsa buku la kalasi yake, nzeru zake zonse zimathera pa kulimbana ndi malembo. Akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Nkhani saimva, choncho palibe chomukoka kuti atsegule tsamba lina. Akalephera kangapo amayamba kulota mawu: amaona lembo loyamba n'kutchula mawu alionse amene abwera m'mutu. Chizolowezi cholota chimenechi n'chovuta kuchichotsa, ndipo buku lolimba kwambiri ndilo limachidyetsera.

Kuyesa ndi mawu 50

Njira yoyesera ndi yapafupi, ndipo imatenga mphindi zosapitirira khumi pa buku limodzi. Tsegulani tsamba la pakati limene mwana sanaliwerengepo. Werengani mawu 50 kuyambira pachiyambi cha ndime, ndipo ikani kadontho ka pensulo pamene mawu a nambala 50 athera. Khalani pambali pa mwana, osati patsogolo pake ngati woweruza mlandu, ndipo mumuuze kuti mukuyesa bukulo kuti muone ngati lili labwino, osati iyeyo.

Iye akamawerenga mokweza, inu lembani kamzere papepala lanu pa mawu alionse amene walakwa, wadumpha, kapena wakakamira mpaka inu kumuuza. Akakakamira, werengani chamumtima mpaka kasanu musanamuthandize. Akalakwa n'kudzikonza yekha, musawerengere ngati cholakwa. Kudzikonza ndi chizindikiro chabwino, chifukwa kumasonyeza kuti akumvetsera zimene akuwerenga.

Tsopano onani timizere tanu. Ngati walakwa mawu awiri kapena kucheperapo, bukulo angathe kuwerenga yekha. Ngati walakwa mawu atatu mpaka asanu, bukulo ndi lowerenga muli pambali pake kuti muzimuthandiza. Ngati walakwa mawu 6 kapena kuposerapo, bukulo lamukulira pakadali pano. Aphunzitsi a kuwerenga amanena zomwezi m'njira ina: mwana awerenge molondola mawu osachepera 95 pa 100 alionse kuti buku likhale lowerenga yekha, ndipo akatsika pansi pa 90 ndiye kuti akungovutika.

Poyamba ndinkaona ngati muyesowu ndi wokhwima. Kulakwa mawu 6 okha pa 50, kodi si kukhoza kumeneko? Kusukulu akanati wapeza 88 pa 100. Koma kuwerenga si mayeso a masamu. Tayesani kutenga kalata n'kufufuta liwu limodzi pa mawu 8 alionse, ndipo mufufute mawu aataliwo, amene nthawi zambiri ndiwo anyamula nkhani. Mudzaona kuti kalatayo simuimvanso.

Mmene zinayendera kwathu

Ndinabwereka kwa aneba mabuku a Chichewa a ophunzira a Sitandade 2 ndi 3, omwe aja okonzedwa ku Domasi, kuwonjezera pa la Sitandade 4 limene mwanayo anabwera nalo. Sindinamuyese onse tsiku limodzi. Mwana wotopa amalakwa mawu amene amawadziwa.

Tsiku loyamba tinatenga buku la Sitandade 4. Pa mawu 50 analakwa 13, ndipo zinamutengera mphindi zoposa zinayi. Nditamufunsa kuti nkhaniyo ikukamba za chiyani, anayang'ana chithunzi n'kuyankha kuti, "Za munthu." Tsiku lachiwiri tinatenga la Sitandade 3. Analakwa mawu 7. Anatha kundiuza amene nkhaniyo ikumukamba, koma osati chimene chinamuchitikira. Tsiku lachitatu ndinatsegula la Sitandade 2 chakoyambirira. Analakwa mawu awiri okha, ndipo pakati pa ndime anaseka. Kuseka kumeneko kunandiuza zambiri kuposa timizere tanga, pakuti munthu saseka nkhani imene sakuimva. Nditatsegula buku lomwelo chakumapeto analakwa mawu anayi.

Apa ndinadziwa poyambira. Masamba oyambirira a buku la Sitandade 2 anali owerenga yekha. Masamba akumapeto anali owerenga ndi ine. La Sitandade 3 ndinalibweza kaye kwa eni ake. Onaninso kuti buku limodzi lomwelo likhoza kukhala losavuta koyambirira n'kukhala lolimba kumapeto, choncho yesani malo awiri musanagamule.

Chimene chimalimbitsa buku la Chichewa

Kuwerenga timizere kokha sikokwanira. Yang'anani mawu amene mwana walakwawo, chifukwa ndiwo akuuzeni mtundu wa buku loti mufune. Ine ndinalemba mawu onse 13 a tsiku loyamba aja, ndipo ndinaona kuti anali a magulu awiri.

Gulu loyamba linali la mawu okhala ndi maphatikizo a malembo ambiri. Chichewa chili ndi ubwino wakuti chimawerengedwa monga momwe chalembedwera. Mwana akadziwa malembo a liwu asanu aja, a, e, i, o, u, n'kudziwa kuwaphatikiza ndi lembo limodzi lopanda liwu, amawerenga mawu ngati "ufa", "mutu", "galu" ndi "sukulu" mosavuta. Ife amene tinayambira pa buku la Sosa timakumbukira kuimba ma, me, mi, mo, mu. Phiri limayamba pamene malembo opanda liwu aunjikana: awiri monga mu "mbuzi" ndi "dzira", atatu monga mu "mphaka" ndi "nthochi", anayi monga mu "nkhwangwa" ndi "ntchito". Mwana wa mng'ono wanga ankadutsa bwino pa awiri, koma pa atatu ndi anayi ankagwa. "Nkhwangwa" anawerenga kuti "nkhanga", ndipo "mphika" anati "mpira".

Gulu lachiwiri linali la mawu aatali. Chichewa chimamanga chiganizo chathunthu m'liwu limodzi. Liwu lakuti "anakamuperekeza" lili ndi maphatikizo 8, ndipo ngakhale phatikizo lililonse palokha n'losavuta, mwana wowerenga pang'onopang'ono amataya mutu wa liwulo asanafike kumchira. Iye ankawerenga "anaka" n'kumalizitsa ndi zongoganiza.

Choncho mukaima m'sitolo ya mabuku kapena mulaibulale mwana mulibe, mukhoza kuliyeza buku ndi maso. Tayerekezani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Galu wa agogo waba mazira." Chachiwiri: "Nkhandwe itazindikira kuti alenje akuithamangitsa, inakabisala m'phanga." Ziwirizi n'zokamba nyama, ndipo zikhoza kukhala ndi zithunzi zokongola mofanana, koma chachiwiricho chili ndi mitolo ya malembo, mawu aatali, komanso mfundo zitatu zolumikizana. Kwa mwana amene akugwa pa "nkh" ndi "mph", funani buku la ziganizo zonga choyambacho, lokhala ndi mawu olimba amodziamodzi amene akubwerezedwa kawirikawiri. Liwu lolimba limene labwera kasanu m'nkhani imodzi ndi mphunzitsi. Mawu olimba asanu osiyanasiyana m'chiganizo chimodzi ndi mpanda.

Onaninso kalembedwe ka tsamba. Malembo akhale aakulu, mizere ikhale yotalikirana, ndipo tsamba lisadzaze. Kwa wongoyamba, mizere iwiri kapena inayi patsamba ndi yokwana. Mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi cha mitundu yambiri amavuta kuona, makamaka madzulo pa nyali ya sola.

Misampha iwiri

Msampha woyamba ndi kuloweza. Ana athu ali ndi mitu yogwira, ndipo nkhani imene kalasi yaibwereza mokweza kwa sabata yathunthu amaidziwa ngati nyimbo. Mwana akhoza "kuwerenga" tsamba lonse osalakwa, maso ali padenga. N'chifukwa chake ndanena kuti muyesere tsamba lachilendo. Ngati mukukayika, phimbani chithunzi ndi dzanja, ndipo lozani mawu kuyambira kumapeto kwa mzere kubwerera m'mbuyo. Wowerengadi amawatchula. Woloweza amasokonezeka.

Msampha wachiwiri ndi kutchula mawu bwino osamva kanthu. Pachifukwa chimenechi, mukamaliza mawu 50 aja tsekani buku n'kunena kuti, "Tandiuze zimene zachitika." Akatha kunena amene akukambidwa, chimene wachita, ndi chimene chinatsatira, bukulo n'lomuyenera. Akalephera, bukulo lamukulira ngakhale kuti sanalakwe liwu ndi limodzi lomwe.

Msampha wachiwiriwu umagwira kwambiri pa mabuku a Chingerezi. Mabuku ambiri ogulitsidwa pamsika kapena obwera ngati mphatso analembedwera ana amene amayankhula Chingerezi kunyumba kwawo. Pachikuto pakhoza kulembedwa kuti ndi la ana a zaka 5 kapena 6, koma zaka zimenezo ndi za mwana amene mawu onsewo anawamva kale ali pamsana. Mwana wathu amanyamula akatundu awiri: kumasula malembo, ndi kudziwa tanthauzo. Kuwonjezera apo, m'Chingerezi lembo limodzi limamveka mosiyanasiyana m'mawu osiyana, pamene m'Chichewa "a" ndi "a" kulikonse. Mwana wovutika kuwerenga ayambe walimba m'chiyankhulo chimene amayankhula ndi kumva bwino. Luso lophatikiza malembo akalipeza kumeneko adzapita nalo ku Chingerezi. Ndipo poyesa buku la Chingerezi, muloleni afotokoze nkhaniyo m'Chichewa, chifukwa chimene mukufuna kudziwa n'chakuti wamva kapena ayi.

Manyazi a mwana wamkulu

Vuto limene sindinaliyembekezere linabwera tsiku lachinayi. Mnyamatayo ataona nambala 2 pachikuto anakankha bukulo. "Amayi akulu, limeneli ndi la ana." Ankanena zoona. Mwana wa zaka 10 amene amaweta mbuzi ndi kukonza tcheni cha njinga safuna kuonedwa ndi buku la ang'ono ake.

Ndinachita zinthu ziwiri. Choyamba, ndinakuta bukulo ndi pepala la khaki, ndipo tinkawerenga awiri kuseri kwa nyumba anzake atapita kotunga madzi. Chachiwiri, tinayamba kupanga mabuku athuathu. Ndinagula kope, ndipo tsiku lililonse ndinkamufunsa chimene wachita. Iye ankanena, ine n'kulemba ndi malembo aakulu m'ziganizo zinayi kapena zisanu zazifupi, n'kuikamo dala mawu angapo a mtolo umene tikulimbana nawo. Sabata ya "mph" tinalemba kuti: "Lero kwagwa mphepo. Mphaka wagona pa mphasa. Ine ndamanga mbuzi. Mbuzi imodzi yadula chingwe." Nkhani yake yomwe, ya msinkhu wake, koma m'mawu amene angathe. Zithunzi ankajambula yekha. Pofika kumapeto kwa tchuthi kopelo linali ndi nkhani zoposa 20, ndipo ndilo buku limene ankalikonda kuposa onse.

Ngati muli pafupi ndi nthambi ya laibulale ya boma, monga ku Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu, pitani ndi mwanayo. Inu sankhani mabuku atatu amene apambana muyeso uja, iye asankhepo limodzi. Amene muli ndi foni ya intaneti, pa African Storybook pali nkhani zaulere m'ziyankhulo zambiri za mu Afirika, kuphatikizapo chathu, zoikidwa m'magawo kuyambira zosavuta. Komabe musadalire gawo lolembedwapo. Yesani ndi mwana wanu.

Buku lolimba musalitaye

Buku limene mwana sangaliwerenge yekha lili ndi ntchito yake: mumuwerengere inuyo. Makutu a mwana wa zaka 10 amamva nkhani zakuya kuposa zimene maso ake angamasule, ndipo akamamvetsera amatola mawu atsopano amene adzakumane nawo m'tsogolo. Choncho m'nyumba mukhale milu itatu: owerenga yekha, owerenga nanu, ndi omuwerengera.

Buku Lopatulika kwa mwana wotereyu lili pamulu wachitatu. Linamasuliridwa kalekale, n'kutuluka lathunthu mu 1922, ndipo lili ndi ziganizo zazitali, mawu ena akale, mayina achilendo ndi malembo aang'ono. Ngakhale Buku Loyera, lomwe Chichewa chake n'chapafupi ndi chamasiku ano, silinalembedwere wongoyamba kuwerenga. Kwathu tinasintha kachitidwe. Masana ndinkasankha chiganizo chimodzi chachifupi cha m'ndime ya tsikulo, kuchilemba papepala ndi malembo aakulu, ndi kuchikonzekera naye. Madzulo iye ankawerenga chimenecho pa nthawi yake, ena n'kupitiriza. Sitinamudzidzimutsenso pamaso pa anthu. Aphunzitsi a ana ku Sukulu ya Sabata, chonde ganizirani zimenezi musanaloze mwana kuti awerenge.

Nthawi yokwera, ndi nthawi yofunsa ena

Tinkawerenga mphindi 15 patsiku, osapitirira. Nkhani iliyonse ankaiwerenga katatu pa masiku osiyana. Ulendo woyamba ankalimbana ndi mawu, wachiwiri ankathamangako, wachitatu ankawerenga ngati munthu akuyankhula, kuima pa mpumiro ndi kukweza mawu pa funso. Kubwereza kotere n'kosiyana ndi kuloweza kuja malinga ngati maso ndi chala zili pa mawu. Pakatha masabata awiri alionse ndinkayesanso ndi tsamba lachilendo. Lamulo langa linali lakuti akalakwa mawu awiri kapena kucheperapo pa masamba achilendo awiri otsatizana, n'kufotokoza nkhani bwino, tisunthire patsogolo.

Patatha masabata 6, masamba akumapeto a buku la Sitandade 2 anasanduka owerenga yekha. Ndinabwerekanso la Sitandade 3, ndipo pa tsamba lina lachilendo analakwa mawu anayi. Linali litalowa pamulu wachiwiri. Sanafike pa buku la kalasi yake, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti tchuthi chimodzi chimatseka dzenje la zaka ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali ana ena amene buku loyenera lokha silingawakwanire. Ngati mwana amayandikitsa buku kumaso kwambiri, amatsinzina diso limodzi, kapena amadandaula mutu akawerenga, pitani naye kuchipatala akamuyeze maso. Ngati anadwalapo khutu lotuluka mafinya, kapena amatembenuza mutu kuti amve, akamuone makutu, pakuti mwana amene samva bwino kusiyana kwa "pa" ndi "pha" amavutika kuzigwirizanitsa ndi malembo. Mwana wopita kusukulu ndi njala kapena wochepa magazi amatopa msanga. Ndipo ngati zonsezi zili bwino, mwawerenga naye mokhulupirika teremu yathunthu koma palibe kusintha, akuiwalabe lero phatikizo limene analidziwa dzulo, kambiranani ndi aphunzitsi ake ndipo mufunse za mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera. Ana ena anzeru ndithu ali ndi vuto lobadwa nalo la kumasula malembo, ndipo amafunika kuphunzitsidwa mwadongosolo lapadera. Kukalipa ndi chikwapu sizichiza vuto limeneli.

Tsiku lobwerera kwawo ndinamulongedzera kope lake lija, ndipo amayi ake ndinawalembera kapepala ka muyeso wa mawu 50 ndi mitolo ya malembo imene inatsala: "nkhw", "ntch" ndi "ng'w". Mabuku awiri a Chingerezi aja ndinawauza kuti awasunge, aziwerengera mwanayo madzulo n'kumamumasulira. Mwezi watha mng'ono wanga anaimba foni. Akuti kope loyamba linadzaza, agula lachiwiri, ndipo tsopano nkhanizo akulemba yekha mnyamatayo, iwo n'kumangokonza pamene waiwala "h".